Nkhope Imene Kamera Sinaione

Mu July 2011, magazini ya ku America ya Newsweek inatuluka ndi chithunzi cha Diana, mayi wa William ndi Harry, akuyenda pambali pa mpongozi wake Kate. Awiriwa sanakumanepo. Diana anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Paris mu 1997 ali ndi zaka 36, koma pachikutopo anamukalambitsa ndi kompyuta kuti aoneke wa zaka 50. Anthu ambiri ananyansidwa nacho. Komabe ntchito yotereyi lero ikuchitika pa foni wamba: wina akufuna kuseka nkhope yake ya ukalamba, wina akufuna chithunzi cha malemu choika pa pulogalamu ya maliro kapena pa malaya ovala povumbula chiliza.

Ongoyamba kumene amathamangira makwinya ndi imvi, ndipo chotsatira chake chimakhala mnyamata wopakidwa ufa kumutu. Ukalamba umayambira pansi pa khungu. Mafuta a m'masaya amachepa n'kutsikira m'munsi, motero mzere wochoka pamphuno kufika pakona ya mlomo umazama. Mlomo wam'mwamba umapyapyala, nsonga ya mphuno imagwa pang'ono, makutu amatalika kunsi, maso amalowa m'kati. Mano akaguluka, fupa la nsagwada limafota ndipo chibwano chimayandikira mphuno.

Pa khungu lakuda pali chinanso. Silichita makwinya ang'onoang'ono msanga ngati la azungu, chifukwa mtundu wake umaliteteza ku dzuwa. Zaka zimaonekera kwambiri pa kugwa kwa masaya, kunsi kwa maso ndi m'madontho akuda. Wojambula akamwaza timizere nkhope yonse ya mayi wa zaka 55, wamuwonjezera zaka zimene sanakhale nazo.

Tiyerekeze banja lili ndi chithunzi chimodzi chokha cha agogo, cha pa chiphaso, ali ndi zaka 75, ndipo likufuna kuwaona ali ndi zaka 30. Katswiri amayamba ndi kusunga chithunzi chenichenicho pambali, n'kugwirira ntchito pa kope. Kenako amaika chizindikiro pa zinthu zimene sadzakhudza: mtunda wa pakati pa maso, mapindidwe a m'khutu, mpata wa mano akutsogolo, chipsera kapena mphini. Zimenezi ndizo zimachititsa mwana kunena kuti awa ndi amayi. Akatero amapempha zithunzi za ana aakazi kapena azing'ono a agogowo ali pa msinkhu wa zaka 30, chifukwa m'menemo ndi mmene angaonere kuti masaya a pabanjapo amadzaza bwanji. Ndi chida cha Liquify mu Photoshop amakweza masaya, kuwongola mzere wa nsagwada ndi kufupikitsa makutu pang'ono. Makwinya amabwera pomalizira, ndipo amangowachepetsa mphamvu. Akawafafaniza onse, khungu limasalala ngati la chidole.

Khosi ndi manja ndizo zimaulula ntchito yothamangira: nkhope ya mtsikana itakhala pa khosi la nkhalamba. Tsitsi, duku ndi zovala nazo ziyenera kugwirizana ndi nthawi imene munthuyo anali ndi zaka zimenezo.

Kuti achibale amathandiza, umboni wake ndi nkhani ya John List, amene anapha banja lake ku New Jersey mu 1971 n'kuthawa. Mu 1989 wosema ziboliboli Frank Bender anaumba mutu wake mmene ukanaonekera patatha zaka 18, poyang'ananso zithunzi za makolo ake, ndipo anauveka magalasi a mafelemu okhuthala. Utaonetsedwa pa wailesi yakanema, List anagwidwa ku Virginia pasanathe milungu iwiri, atavala magalasi ofanana nawo.

Mapulogalamu a pa foni, monga FaceApp imene inatchuka kwambiri mu 2019, sawadziwa achibale a munthu. Amatengera nkhope zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo, choncho amakokera aliyense ku nkhope ya pakatikati. Mu 2017 mwini FaceApp anapepesa chifukwa batani lina lokongoletsa nkhope linkayeretsa khungu la anthu akuda. Pa chithunzi chosekera pa tsiku lobadwa, zimenezi n'zopirika. Pa chikumbutso, kuchepetsa mphuno ya malemu kapena kuwayeretsa n'kupachika mlendo pakhoma.

Kukulitsa mwana amene anamwalira ali wamng'ono n'kovuta koposa, poti mafupa a nkhope yake anali asanakhwime ndipo zambiri zimakhala zongoganizira. Apa ndi bwino kufunsa kaye makolo onse awiri, popeza chimene chingatonthoze mmodzi chingatsegule bala la mnzake.

Njira yoyesera ntchito ndi yosavuta. Chithunzicho chionetsedwe, popanda kutchula dzina, kwa wachikulire amene ankamudziwa munthuyo pa msinkhu umenewo. Akazengereza, wojambula abwerere pa maso ndi pakamwa. Posindikiza, kunsi kwake kulembedwe kuti n'chokonzedwa ndi kompyuta, ndipo chenicheni chija chiikidwe pambali pake.