Zida zouza omanga msewu m'dambo kuti ayambe adikira

Msewu ukamadutsa m'dambo, omanga amaunjika dothi kuti ukwere pamwamba pa madzi. Vuto n'loti dongo lapansipo ndi lofewa ndipo ladzaza madzi. Mukathira dothi pamwamba, amene amayamba kusenza katunduyo ndi madzi opanikizika m'timipata ta dongo. Dongolo limalimba pokhapokha madziwo akafinyika n'kutuluka, ndipo zimenezi zimatenga miyezi.

Chida choyeza kupanikizika kwa madziwo ndi piyezomita, imene amaikwirira m'dzenje loboola pakati pa dongo. Tinene kuti athira dothi lokwera mita imodzi. Kulemera kwake kumafanana ndi madzi akuya mamita awiri, choncho piyezomita ingakwere mpaka pamenepo. Kenako imatsika pang'onopang'ono, ndipo injiniya amadikira itsike kufika pamlingo umene anawerengera asanalole malole kubweretsa dothi lina. Koma ikamakwerabe ntchito itaima, ndiye kuti dongo layamba kugonja. Ine ndimaona kuti chida ichi n'chimene chiyenera kukhala ndi mawu omaliza, osati kalendala ya ntchito. Paipi wamba yoyezera madzi imachedwa kwambiri m'dongo, n'chifukwa chake amakonda ya magetsi, ya kawaya konjenjemera.

Kutitimira kumayezedwa mosavuta. Asanathire dothi amayala mbale yachitsulo yokula pafupifupi theka la mita, yokhala ndi ndodo imene amailumikiza chimulu chikamakwera. Nsonga ya ndodoyo amaiyeza poyerekeza ndi chizindikiro chimene chili pa nthaka yolimba. Chizindikirocho chikaikidwa m'dambo momwemo chimatitimira nawo, ndipo manambala amanama. Malole nawonso amagunda ndodozi kawirikawiri.

Komabe kutitimira pakokha sikuopsa, chifukwa omanga amakuyembekezera. Choopsa ndi dongo lothawira m'mbali, monga phala likamatuluka pansi pa chikho. Apa ndi pa ntchito ya inkilinomita: paipi yokhala ndi timizere m'kati, yoimikidwa m'munsi mwa chimulu, tsinde lake litazikika mu nthaka yolimba. Amatsitsiramo kachida ka timawilo koyeza kupendekeka pa theka la mita lililonse. Paipi ikamapindika pamalo amodzi, kupindikako n'kumafulumira tsiku ndi tsiku, m'pamene nthaka ikufuna kung'ambikira. Ntchito iime, ndipo nthawi zina dothi lina lichotsedwe.

Ku Muar m'dziko la Malaysia, m'zaka za m'ma 1980, akatswiri anamanga dala chimulu pa dongo lofewa, atachitchera zida zoterezi, n'kumathirabe dothi kuti aone pamene chigwere. Chinagumuka dothi litafika mamita 5.4.

Tsono mukaona ndodo ndi mapaipi zitatulukira pa chimulu cha msewu watsopano, musazizule, ndipo muwaletse ana kuponyamo timiyala. Paipi ikatsekeka, nthawi zambiri amayenera kuboola dzenje lina, ndipo kuyeza kumayambiranso.