Belo si paketi: kuika za m'kope la golosale pa tebulo

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama, ndipo eni magolosale akandibweretsera kope lawo la katundu amaganiza kuti chovuta ndi masamu. Masamu ake ndi kuchulukitsa basi. Tebulo la katundu lili ndi madanga anayi: dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi mtengo wa zonse. Danga lachinayi limapezeka pochulukitsa lachiwiri ndi lachitatu. Pamene pagona nkhani ndi pa mawu akuti "chimodzi".

Tiyerekeze kuti m'kopemo mwalembedwa kuti "shuga 3 + 7, 56,000". Mwini wake akudziwa bwino zomwe analemba: mabelo atatu osatsegula, mapaketi asanu ndi awiri pa shelefu, ndipo K56,000 ndi mtengo umene anaodera belo limodzi. Munthu wongokopera amaphatikiza 3 ndi 7, n'kupeza 10, n'kuchulukitsa ndi 56,000. Tebulo limanena kuti muli shuga wa K560,000, ndalama zomwe m'golosalemo mulibe.

Lamulo langa ndi lakuti katundu awerengedwe m'muyeso umene amagulitsidwira. Shuga amatuluka pakhomo ndi paketi, choncho zonse zikhale m'mapaketi. Belo la shuga wa kilogalamu imodzi limakhala ndi mapaketi 20. Mabelo atatu ndi mapaketi 60, kuonjezerapo 7 aja akwana 67. Mtengo nawo utsike muyeso womwewo: K56,000 kugawa ndi 20 ndi K2,800 pa paketi. Ndiye 67 kuchulukitsa ndi 2,800 zikupereka K187,600. Kuti nditsimikize, ndimadzeranso njira ina: mabelo atatu ndi K168,000, mapaketi 7 ndi K19,600, ndipo zikaphatikizidwa zikufika pomwe paja. Njira ziwirizi zikasiyana, ndiye kuti pena pake belo lasakanikirana ndi paketi.

Mafuta ophikira oyeza amafuna kusamala kwina. Pakalembedwa kuti "chigubu 1 ndi theka", theka limenelo nthawi zambiri ndi la m'maso. Ndimapempha kuti otsalawo ayezedwe ndi botolo la lita. Ngati chigubu cha malita 20 chinaodedwa K90,000, lita ndi K4,500, ndipo ngati otsala alidi malita 10, onse pamodzi ndi malita 30.

Sopo amavuta pa maina. Tsamba lina likuti "sopo wamtali", lina likuti "wochapira". Kodi ndi mitundu iwiri kapena umodzi? Apa sindilota, ndimafunsa mwini. Ngati ndi sopo mmodzi, mzere ukhale umodzi. Ngati akusiyana kukula kapena mtengo, aliyense akhale ndi mzere wake, ndipo kukula kulembedwe pa dzina pomwepo. Manambala ofufutidwa, kapena 1 wooneka ngati 7, ndimawaika chizindikiro, kenako timakawerenga pa shelefu.

| Katundu | Kuchuluka | Mtengo wa chimodzi | Zonse |
|---|---|---|---|
| Shuga, paketi ya kilogalamu 1 | 67 | K2,800 | K187,600 |
| Mafuta ophikira, lita | 30 | K4,500 | K135,000 |
| Sopo wochapira, mtanda | 48 | K900 | K43,200 |
| Zonse pamodzi | | | K365,800 |

Onani kuti m'danga lachitatu muli mtengo woodera, osati wogulitsira. Ambiri sakondwa nazo chifukwa chiwerengero chimaoneka chochepa, koma tebuloli likuyankha funso lakuti mpamba umene wagona pa shelefu ndi wochuluka bwanji. Phindu silinabwere mpaka katundu atagulidwa. Katundu woonongeka, monga shuga wonyowa, amalembedwa pa mtengo umene angagulitsidwe ngati uli wotsika kuposa woodera. Katundu amene anthu anatenga pangongole asalowe muno; wachoka kale m'golosale, ndipo malo ake ndi tsamba la angongole.

Mitengo yooda imasinthanso, monga zinachitikira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Katundu mmodzi akakhala ndi mitengo iwiri, timatenga kuti woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, choncho wotsala amayamba kuwerengedwa pa mtengo wa lisiti yatsopano. Ngati wotsalayo waposa zimene zili pa lisitiyo, wapamwambayo amatenga mtengo wa lisiti yam'mbuyo, pa mzere wakewake.

Amene ali ndi Excel alembe manambala okhaokha, popanda K kapena mawu akuti "mapaketi", chifukwa nambala yosakanikirana ndi mawu sichulukitsika. M'danga lomaliza alembe izi, yoyamba pa mzere wa shuga n'kuikokera pansi, yachiwiri pa mzere wa zonse pamodzi:

```
=B2*C2
=SUM(D2:D4)
```

Pambali pa tebulo palembedwe tsiku limene katundu anawerengedwa, ndipo kuwerengako kuchitike golosale itatsekedwa, chifukwa paketi yogulitsidwa kuwerenga kuli mkati imasokoneza mzere wonse.