Mwana Akanena "Goed": Cholakwa Choulula Lamulo

M'Chingerezi, aneni ambiri amasonyeza nthawi yakale polandira -ed kumapeto kwawo: walk amasanduka walked, play amasanduka played. Koma pali aneni ena, pafupifupi 180, amene satsata njira imeneyi. Go amakhala went, come amakhala came. Ana okulira m'chilankhulochi, akafika zaka ziwiri kapena zitatu, amayamba kumveka akunena goed ndi comed, mawu omwe palibe wamkulu aliyense pakhomo adawatchulapo. Kwa wolankhula Chichewa, zili ngati mwana amene wadziwa kuti buku limachulukitsidwa kukhala mabuku atanena madiso m'malo mwa maso.

Chodabwitsa ndi nthawi imene cholakwachi chimabwera. Mwana yemweyo amakhala atanenapo went molondola kwa miyezi ingapo. Kholo likhoza kuganiza kuti mwana wabwerera m'mbuyo, chonsecho wapita patsogolo. Poyamba paja ankangoloweza liwu lililonse palokha, osadziwa kuti went ndi go ndi a banja limodzi. Tsiku lina amazindikira kuti -ed akubwerabwera paliponse pamene zakale zikukambidwa, ndipo akaligwira lamuloli amaliika ngakhale pomwe siliyenera. Akatswiri adaona kuti goed amayamba kumveka m'nyengo yomweyo imene mwana wayamba kuika -ed mosadumphadumpha pa aneni wamba.

Umboni woti mwana ali ndi lamulo m'mutu, osati mawu ongotengera kwa akulu, udaonetsedwa bwino ndi Jean Berko m'chaka cha 1958 ku America. Iye ankaonetsa ana a zaka 4 mpaka 7 chithunzi cha kanyama konga mbalame n'kuwauza kuti dzina lake ndi wug, liwu longopeka. Akawaonetsa tiwiri, ana ambiri ankati wugs. Ankachitanso chimodzimodzi ndi aneni opeka: rick ankasanduka ricked. Liwu limene munthu sadalimvepo sangaliloweze, choncho yankholo linkachokera ku lamulo basi.

Komabe sizoona kuti mwana amataya went yense n'kumangonena goed. M'chaka cha 1992, Gary Marcus, Steven Pinker ndi anzawo adasanthula zolankhula za ana 83, momwe munali aneni osatsata lamulo a nthawi yakale oposa 11,000. Adapeza kuti mwana wapakatikati ankalakwitsa motere pafupifupi kawiri kapena katatu pa 100 alionse. Mwana mmodzi amatha kunena went m'mawa, goed masana. Zolakwazi zimaoneka zochuluka chabe chifukwa khutu la wamkulu limazitola msanga, pomwe zolondola zimangodutsa. Michael Maratsos adatsutsako pambuyo pake, ponena kuti pa aneni ena, m'nyengo zina, mwana amalakwitsa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo kuwerengera aneni onse pamodzi kumabisa zimenezi.

Marcus ndi Pinker adafotokoza kuti mutu wa mwana umagwira ntchito ziwiri. Akafuna kunena za kupita kwa dzulo, amayamba wafufuza m'mawu amene adaloweza. Went akapezeka msanga, amatsekera lamulo njira. Akachedwa kapena akasowa, lamulo limalowapo n'kutulutsa goed. Liwu limakhazikika m'mutu malinga ndi kuchuluka kwa nthawi zimene lamvedwa, n'chifukwa chake ana amalakwitsa kwambiri aneni amene makolo awo sawatchula kawirikawiri. N'chifukwa chakenso kuwongolera mwana pakamwa sikuthandiza kwenikweni: amatha kumva went kwa mayi ake, iye n'kubwereza goed osaona kusiyana. Cholakwacho chimazilala pang'onopang'ono, mneni ndi mneni, mpaka m'zaka za kusukulu.

Si onse amavomereza kuti pali njira ziwiri. David Rumelhart ndi James McClelland, m'chaka cha 1986, adapanga pulogalamu ya kompyuta yotsanzira kulumikizana kwa maselo a ubongo. Sadaiuze lamulo lililonse, ankangoionetsa aneni ndi nthawi yawo yakale, koma nayonso idayamba molondola, kenako n'kumaika -ed posayenera, kenako n'kuwongokera. Iwo adati pamenepa lamulo silikufunika, kufananitsa mawu n'kokwanira. Pinker ndi Alan Prince adayankha m'chaka cha 1988 kuti pulogalamuyo idasokonezeka chifukwa idayamba ndi aneni 10 okha, ambiri osatsata lamulo, kenako n'kuthiridwa mazana anayi nthawi imodzi, chinthu chomwe sichichitika m'makutu a mwana. Mtsutsowu sudathe mpaka lero.

Mbiri ya Chingerezi ikuonetsa kuti akulunso amagwa m'mbuna yomweyo, kungoti pang'onopang'ono. Kale nthawi yakale ya help inali holp, lero ndi helped. Aneni amene akanabe lamulo ndi aja otchulidwa tsiku ndi tsiku: mwa aneni khumi ogwiritsidwa ntchito kwambiri m'Chingerezi, monga be, have, do, say ndi go, palibe ndi mmodzi yemwe wolandira -ed.