Njere za kefiri zimafa ndi njala, osati ukalamba

Amene amapanga yogati pakhomo amadziwa ndondomeko yake: kuwiritsa mkaka, kuusiya kuti uzizireko, kuthiramo masupuni awiri a yogati wakale, kenako kufunditsa mphika kuti usazizire. Munthu wotereyu akapatsidwa njere za kefiri amafuna kuchita zomwezo, ndipo apa m'pamene ambiri amaziphera pa tsiku loyamba lomwe.

Kefiri ndi mkaka wosasa wochokera kumapiri a Caucasus, pakati pa Nyanja Yakuda ndi nyanja ya Caspian, kumene abusa ankausasitsira m'matumba a zikopa. Kuwawasa kwake sikutalikirana ndi chambiko, koma ndi wamadzimadzi pang'ono ndipo umathetheka palilime. Zimene amazitcha njere si mbewu ya chomera chilichonse. Ndi timibulu toyera kapena totuwira kuchikasu, tofewa ngati labala, tooneka ngati tizidutswa ta kolifulawa. Timibuluti ndi nyumba imene tizilombo tosaoneka ndi maso tadzimangira tokha kuchokera ku mapuloteni a mumkaka ndi ulimbo wotchedwa kefirani. M'nyumbamo mumakhala mabakiteriya amitundu yambiri pamodzi ndi yisiti.

Yogati alibe nyumba yotere. Amene amagwira ntchito mwa iye ndi mabakiteriya amitundu iwiri basi, ndipo umodzi mwa mitunduyi anauzindikira ndi Stamen Grigorov wa ku Bulgaria mu 1905, akuphunzira za udokotala ku Geneva. Awiriwa amakonda kutentha. Amafuna madigiri 40 mpaka 45, ndipo pa maola 4 mpaka 8 mkaka umakhala utagwirana. Amabalalika mumkaka monse, choncho simungawapatule. Mumangotapa pang'ono pa yogati wa lero kuti muyambitsire wa mawa. Mukatapa motero kangapo pa yogati wa m'sitolo, mtundu umodzi umayamba kuposa unzake, tizilombo tina ta pakhomo timalowererapo, ndipo yogati amatuluka wamadzimadzi kapena wowawasa mosakoma. Zikatero mumakagula wina n'kuyambiranso.

Njere za kefiri sizisungunuka mumkaka. Mumazisefa, n'kuziika mumkaka watsopano, ndipo zimakula n'kugawikana, moti njere zomwezo zikhoza kukhala pabanja zaka zambirimbiri. Zimagwira ntchito pa kutentha kwa m'nyumba, madigiri 20 mpaka 25, pafupifupi tsiku lathunthu. Kutentha kumene yogati amasangalala nako kumazivulaza, makamaka yisiti wake. Yisitiyo ndi amene amatulutsa mpweya wothetheka uja ndi kamowa kochepa kwambiri, kamene nthawi zambiri sikafika 1 peresenti. Dziwaninso kuti kefiri wa m'botolo wogula sangakubalireni njere. Njere zimachokera ku njere zinzake, ndiye mumachita kupempha kapena kugula kwa amene ali nazo.

Ine ndimati munthu aziona njerezi ngati chiweto. Chakudya chake ndi shuga wachilengedwe wa mumkaka, ndipo akatha, njere zimatsala mu asidi wokhawokha zilibe chodya. Mavuto ambiri a kefiri amayambira pomwepa.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa supuni imodzi yaikulu ya njere kumayambiriro kwa Okutobala. Mwaziika m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, mwathiramo theka la lita ya mkaka wosachotsa mafuta, mwavundikira ndi kansalu koyera n'kumanga ndi labala, ndipo botololo lili pamthunzi. Ngati mkakawo ndi wongokama kumene, uwiritseni kaye kuti muphe tizilombo ta matenda monga chifuwa chachikulu, ndipo uzizire mpaka usamveke kufunda pachala. Mkaka wa ng'ombe imene ikulandira mankhwala a antibayotiki musaugwiritse ntchito. Masiku oyamba zonse zili bwino: pakatha maola 24 mkaka wakhuthala, ndipo pansi pa botolo paoneka timadzi tachikasu apo ndi apo. Chizindikiro choti nthawi yosefa yakwana ndi chimenecho.

Pakutha milungu itatu zinthu zasintha. Mwathira mkaka m'mawa, koma pofika madzulo botolo lagawikana pawiri, zoundana pamwamba, madzi achikasu pansi, ndipo kefiri akuwawasa mpaka kuluma kukhosi. Ambiri amaganiza kuti njere zaonongeka. Sizinaonongeke, zachuluka. Supuni imodzi ija yasanduka ziwiri, mkaka ndi womwe uja, ndipo m'nyumba kutentha kwafika madigiri 30. Chakudya cha tsiku lonse chikutha pa maola 12. Chotsani theka la njere mupatse mnzanu, kapena onjezani mkaka ufike lita. Sefani pakatha maola 12 mpaka 18 m'malo modikira mawa. Botolo liimikeni m'beseni la madzi ozizira kapena pafupi ndi mtsuko, pansi penipeni. Mukalekerera njala yotereyi masiku ambiri, njere zimasiya kukula ndipo zimayamba kunyenyeka.

Pa kasefedwe pali mwambo umodzi umene ndimautsutsa ndi mtima wonse, wotsuka njere tsiku lililonse. Kuterera kumene kumaoneka pa njere si litsiro. Ndi kefirani uja, ndipo tizilombo tambiri tili pamenepo. Madzi a pampopi amakhala ndi kolorini, amene ntchito yake ndi kupha tizilombo. Tsukani botolo, koma njere zichoke m'sefa n'kulowa mumkaka. Zikagwera pansi, zitsukuluzeni ndi mkaka. Sefa ya pulasitiki kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi yabwino. Ya aluminiyamu kapena ya kopa ayi, chifukwa asidi amadya zitsulo zimenezi.

Mukafuna kupumira sabata imodzi kapena ziwiri, ikani njere mumkaka watsopano wochuluka, tsekani botolo, liikeni mufiriji. Kuzizira sikuimitsa tizilombo, kumangotichedwetsa, choncho sinthani mkakawo sabata iliyonse, ndipo magetsi akazima tsiku lathunthu usintheni msanga. Kutulutsa ndi kubweza njere mufiriji kawirikawiri kumasokoneza mgwirizano wa mabakiteriya ndi yisiti, ndiye ndi bwino kupanga kefiri wochepa tsiku ndi tsiku ndi njere zochepa.

Ulendo ukakhala wa miyezi, njira ndi kuumitsa. Apa pokha zitsukeni ndi madzi owiritsa ozizira, ziyaleni pansalu yoyera pamthunzi popita mphepo, zitetezeni ku ntchentche, ndipo pakatha masiku atatu mpaka asanu zidzakhala zolimba ndi zachikasu. Ziikeni m'kathumba kotseka bwino pamodzi ndi mkaka waufa pang'ono, n'kusunga pozizira. Padzuwa musaziyanike.

Podzazidzutsa musayembekezere kefiri wokoma nthawi yomweyo. Yambani ndi kapu imodzi ya mkaka, muzisintha tsiku lililonse ngakhale usanakhuthale, ndipo wa masiku oyambawo muzitaya. Zochokera mufiriji zimabwerera mwakale pakatha maulendo awiri kapena atatu, pamene zouma zingatenge sabata kapena ziwiri. Fungo lowawasa kapena langati la mtanda wa buledi ndi labwinobwino. Koma mukaona chuku chaubweya, chobiriwira, chakuda kapena chapinki, kapena mukamva fungo lowola, tayani zonse, mkaka ndi njere zomwe, ndipo botolo muliwiritse musanaikemo zina.