Kupeza ngodya ya madigiri 20 ndi saini baa

M'shopu ya makina, ngodya yofunika kulondola kwambiri saiyeza ndi maso. Amisiri amagwiritsa ntchito saini baa, kachitsulo kowongoka kokhala pa timawilo tiwiri tofanana. Kuchokera pakati pa kawilo kena kufika pakati pa kanzake pali mtunda wodziwika, nthawi zambiri mamilimita 100. Kawilo kamodzi kamakhala patebulo losalala la mwala, kenako kamakwezedwa pa timabuloko tachitsulo toyezera, totchedwa mageji buloko. Funso nlakuti, mulu wa timabulokoto utalike bwanji?

```
h = L × sin θ
```

Tinene kuti mukufuna madigiri 20. Kakyuleta ikupatsani sin 20° = 0.34202, ndipo mukachulukitsa ndi 100 mupeza mamilimita 34.202. Ikakupatsani 0.9129, dziwani kuti ili pa RAD. Ibwezereni pa DEG.

Posankha timabuloko, yambani ndi nambala yakumapeto. Tengani ka 1.002, patsala 33.2. Tengani ka 1.20, patsala 32, amene ndi ka 2 ndi ka 30. Tinayi tokha takwana, ndipo nzabwino, chifukwa kalikonse koonjezera kamabwera ndi kacholakwa kake. Tipukuteni bwino, kenaka titsetserekeni mokanikiza mpaka timamatirane. Tikakana kugwirana, pali fumbi kapena kotukuka pakati, ndipo muluwo watalika mosayenera.

Ine sindingaidalire njirayi kupyola madigiri 45. Pamenepo kulakwa pang'ono kwa mulu kumasuntha ngodya kwambiri: pa madigiri 60, kulakwa komweko kumakula kawiri poyerekeza ndi pamene chitsulo chili pafupi kugona.