Kuphunzira m'zilankhulo ziwiri, mayeso m'chimodzi

Kalata yotere siikhala yaitali. Imafika pa gulu la WhatsApp la kalasi kapena kumatidwa pa bolodi sabata yoyamba ya semesita, ndipo mfundo zake zimakhala zitatu. Mphunzitsi amauza ophunzira ake kuti m'kalasi azifotokoza m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti aliyense ali ndi ufulu wofunsa kapena kuyankha m'chilankhulo chimene akumasuka nacho mwa ziwirizi, koma kuti asayimenti, mayeso a pakati pa semesita ndi mayeso omaliza zidzafunsidwa ndi kuyankhidwa m'Chingerezi chokha. Ophunzira ambiri amasangalala ndi mfundo ziwiri zoyambazo, yachitatuyo n'kuiwerenga mothamanga. Komatu malikisi onse ali pa yachitatuyo.

Kuti timvetse chifukwa chake mphunzitsi wa ku koleji angafike polemba zimenezi, tiyambe ndi njira imene wophunzira wake wadutsa. Mu 1968 boma linakhazikitsa Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, Chingerezi n'kukhalabe chilankhulo cha ntchito za boma. Kwa zaka zambiri mwana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti m'makalasi anayi oyambawo ana aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha kwawo, koma lamulo la maphunziro la mu 2013 linatembenuza zinthu n'kuika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Zimenezo n'zapapepala. Aliyense amene anakhalapo pansi m'kalasi ya ana oposa 100 akudziwa kuti aphunzitsi amawerenga chiganizo m'Chingerezi, n'kuchimasulira, ana n'kugwedeza mitu, kenako n'kukopera manotsi a pa bolodi. Mwana woteroyo amakhoza MSCE, Chingerezinso amakhoza bwino poti popanda icho ku yunivesite salowa, koma nthawi zambiri chimakhala Chingerezi choloweza mayankho, osati cholukira maganizo akeake pa tsamba lonse.

Choncho kusakaniza zilankhulo m'kalasi si zachilendo. Chachilendo m'kalatayi n'chakuti mphunzitsi waulula poyera zimene anzake amachita mobisa, ndipo waika malire ake.

Nanga bwanji osangomaliza chifundocho, n'kulola kuti mayeso nawonso ayankhidwe m'Chichewa? Mphunzitsi alibe mphamvu imeneyo payekha. Mayeso a ku yunivesite asanalembedwe amaunikidwa ndi anzake a m'dipatimenti, ndipo mapepala ochongedwa amaonedwanso ndi woyesa wochokera ku sukulu ina, nthawi zina wa kunja kwa dziko lino, amene Chichewa sachidziwa. Mabuku a m'laibulale ndi a Chingerezi. Mawu a luso a maphunziro ambiri sanagwirizanidwe m'Chichewa: likulu lofufuza za zilankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba, lomwe linalowa m'malo mwa bungwe loyang'anira Chichewa mu 1996, linatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, koma buku limenelo silinalembedwe kuti lithetse mkangano wa ochonga awiri amene akutchula chinthu chimodzi cha sayansi ndi mayina osiyana. Pamwamba pa izo, digiri imayenda. Mwini wake adzaitenga kupita nayo kwa olemba ntchito kapena ku sukulu za kunja, ndipo kumeneko amayembekeza kuti munthuyo atha kulemba lipoti m'Chingerezi.

Tione mmene zimakhalira pa phunziro lenileni. Tiyerekeze kuti kosiyo ndi ya chonde cha nthaka, ya ophunzira amene mawa lino adzakhala alangizi a zaulimi, ndipo tsikulo nkhani ndi ya feteleza wa chimanga. Mlingo umene wakhala ukulangizidwa kwa nthawi yaitali pa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala. Feteleza wokulitsa ali ndi nayitirojeni wokwana magawo 23 pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti matumba awiri a makilogalamu 50 amapereka makilogalamu 23. Otsala ndi 69. Yureya, wobereketsa uja, ali ndi magawo 46 pa 100, choncho thumba limodzi limapereka makilogalamu 23, ndipo pafunika matumba atatu kuti 69 akwane.

Mphunzitsi akazinena m'Chingerezi chokha, kalasi imakhala chete, zolembera zikuyenda. Akatembenuka n'kufunsa kuti, “Kodi kwanu amathira liti wachiwiri, nanga mvula ikadula amatani?” manja amakwera. Wina amati agogo ake sathira yureya nthaka ikauma chifukwa amangouluka. Wina amati mnansi wawo anathira matumba onse tsiku limodzi pobzala, mvula yamphamvu n'kugwa, chimanga n'kudzachita chikasu chisanamasule. Apa mphunzitsi wapeza pogwira: kuuluka kuja ndi nayitirojeni amene amathawa ngati mpweya yureya akasiyidwa pamtunda osakwiriridwa, chikasu chija ndi nayitirojeni amene watsika ndi madzi kupitirira pamene mizu imafika. Zimene ophunzirawo anakula akuziona kumunda zalumikizana ndi za m'buku, ndipo phindu la Chichewa m'kalasi ndi limeneli.

Tsopano lifike tsiku la mayeso. Funso, m'Chingerezi, likuti mlimi ali ndi munda wa mahekitala 0.4, werengerani feteleza amene akufunika, ndipo perekani zifukwa zothirira nayitirojeni kawiri m'malo mwa kamodzi. Gawo la masamu ambiri amalipeza: makilogalamu 40 a wokulitsa ndi 60 a yureya. Manambala sasankha chilankhulo. Gawo lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu. Mtsikana yemwe uja anafotokoza bwinobwino za agogo ake amalemba mizere iwiri yoduka, kapena amatsanulira pa pepala ndime yonse ya manotsi imene analoweza yokhudza ubwino wa nayitirojeni, funso lisanamufunse zimenezo. Akudziwa yankho, koma sanayambe walinenapo m'Chingerezi ndi pakamwa pake kapena ndi dzanja lake. Semesita yonse Chingerezi ankachiona pa bolodi, kuganiza kwenikweni kunkachitika m'Chichewa, ndipo ziwirizi zakumana koyamba m'chipinda cha mayeso, wotchi ikuyenda.

Apa ndi pamene kalata ija ingasanduke msampha, ngakhale inalembedwa ndi mtima wabwino. Kumva bwino m'kalasi kumanyenga onse awiri: wophunzira amatuluka akuti ndamva, mphunzitsi amatuluka akuti lero zayenda. Zotsatira zikabwera, sapu yachuluka, aliyense n'kumadabwa.

Pali njira yosavuta yodziwira pamene pagona vuto. Mphunzitsi aitane wophunzira amene walephera funso, amuuze kuti alifotokoze pakamwa m'Chichewa. Akalephera apanso, ndiye kuti phunzirolo silinalowe, ndipo pafunika kuliphunzitsanso. Akalifotokoza bwino, vuto ndi la kulemba, ndipo mankhwala ake si kubwereza phunziro ayi, koma kumulembetsa. Mavuto awiriwa amaoneka ofanana pa pepala lochongedwa, onse ndi malikisi ochepa, koma kuwasokoneza n'kupereka mankhwala a malungo kwa munthu wothyoka mwendo.

N'chifukwa chake ine ndikawerenga kalata yotere, ndimayang'ana ngati ikunena mmene wophunzira adzawolokere kuchoka pa kumva kufika pa kulemba. Aphunzitsi amene amazitha amachita zinthu zooneka zazing'ono. Dzina la luso amalisiya m'Chingerezi ngakhale akufotokoza m'Chichewa, kuti khutu lizolowere mawu amene diso lidzakumana nawo pa mayeso. Mkangano wa m'kalasi ukatha, mphindi 10 zomaliza aliyense amalemba ndime imodzi m'Chingerezi yofotokoza zimene zangokambidwa, n'kusinthana ndi mnzake. Amatenga mafunso a zaka zam'mbuyo n'kuonetsa kusiyana kwa funso lofuna kungotchula, lofuna kuyerekeza zinthu ziwiri ndi lofuna zifukwa, poti ambiri amataya malikisi pamenepo asanayambe n'kulemba komwe. Ndipo semesita ikamapita kumapeto, Chichewa chimachepa, Chingerezi n'kumachuluka, mwadala, ophunzira atauzidwiratu.

Kalatayo iyeneranso kunena mosabisa za kachongedwe. Ngati funso lili ndi malikisi 10, angati ndi a mfundo, angati ndi a kalembedwe? Wophunzira amene walemba kuti yureya amathawa ngati mpweya akasiyidwa pamtunda, koma galamala yake ili yotsimphina, apeza zingati? Kosi ya nthaka si kosi ya Chingerezi. Ngati mfundo ikumveka, iyenera kulandira malikisi ake. Ngati chiganizo chapindika mpaka tanthauzo lasintha, kutaya n'koyenera. Nanga wina mawu akamuthawa n'kuponyamo Chichewa pakati pa yankho, mzere umenewo uwerengedwa kapena udumphidwa? Mphunzitsi asankhe chimene akufuna, koma achilembe m'kalatamo, chifukwa wophunzira amene sakudziwa lamulo amasewera mwamantha: amalemba zochepa zimene akutsimikiza galamala yake, zambiri zimene akudziwa n'kuzisiya m'mutu.

Pali anthu enanso m'kalasimo amene kalata yotere imawaiwala mosavuta. Si Mmalawi aliyense amene Chichewa ndi chake. Wa ku Rumphi anakula ndi Chitumbuka, wa ku Karonga ndi Chinkhonde, wa ku Nkhata Bay ndi Chitonga, wa ku Mangochi mwina ndi Chiyao, wa ku Nsanje ndi Chisena. Ambiri Chichewa amachimva, anachiphunzira ku sukulu, koma Chichewa chothamanga cha nthabwala ndi zining'a si chimodzimodzi ndi cha m'buku la Sitandade 6. Ndipo nkhaniyi ili ndi bala lake: mu 1968 momwemo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo ena kumpoto saiwala. Kwa wophunzira woteroyo, komanso kwa mlendo wochokera dziko lina, mayeso a m'Chingerezi ndi amene amaika onse pa mzere umodzi. Chitetezo chake m'kalasi n'chakuti pasakhale mfundo yodzafunsidwa pa mayeso imene yanenedwa m'Chichewa chokha. Chilichonse chofunika chibwerezedwe m'Chingerezi ndi kulembedwa pa bolodi, ndipo m'magulu okambirana anthu aloledwe kuthandizana m'chilankhulo chilichonse chimene akumvana.

Chodabwitsa pa kosi ngati ya alangizi n'chakuti ntchito yawo yeniyeni idzakhala yobwerera kumene achokera. Akamaliza maphunziro, matumba asanu aja adzawafotokoza pansi pa mtengo, kwa alimi a kalabu, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ndipo Chingerezi adzachifuna madzulo polemba lipoti la ku ofesi. Zimodzimodzinso namwino ndi wodwala wake, kapena loya ndi munthu amene akumuimira pa mlandu. Luso lofotokoza nkhani yovuta m'chilankhulo cha anthu ndi theka la ntchitoyo, koma kalata ija ikuti luso limenelo lilibe malikisi ngakhale amodzi. Malamulo a mayeso omaliza mphunzitsi sangawasinthe yekha, koma ntchito za m'kati mwa semesita zimakhala zofewerapo. Angathe kupempha dipatimenti kuti asayimenti imodzi ikhale yakuti wophunzira aimirire, afotokozere mlimi wongoyerekeza chifukwa chake sayenera kuthira yureya yense pobzala, kenako apereke tsamba limodzi la Chingerezi lonena zomwezo. Woyesa wa kunja adzakhala ndi tsamba loti awerenge, ndipo mphunzitsi adzakhala atamva ndi makutu ake amene akudziwadi za feteleza.