Areyi kapena mndandanda wolumikizana: kumene liwiro la pulogalamu limatayikira

Pulogalamu iliyonse ya mufoni kapena pakompyuta imasunga zinthu zambiri zofanana: mayina a anthu, mauthenga, malikisi a ana asukulu, ndalama zomwe zalowa ndi kutuluka. Wolemba pulogalamu ayenera kusankha momwe zinthuzi zikhalire m'memori. Njira zakale kwambiri zilipo ziwiri, areyi ndi mndandanda wolumikizana. Ophunzira ambiri amauzidwa kuti areyi ndi yachangu powerenga, pomwe mndandanda ndi wachangu polowetsa chinthu pakati. Zimenezi si zabodza, koma pa makina a masiku ano n'zosakwanira, ndipo wozikhulupirira osayeza amalemba pulogalamu yokwawa.

Tiyambe ndi memori. Memori ya kompyuta ndi timalo tambirimbiri tondondozana, kalikonse kosunga baiti imodzi, ndipo kalikonse kali ndi nambala yake yomwe imatchedwa adiresi. Nambala wamba, yomwe m'chilankhulo cha C imalembedwa `int`, nthawi zambiri imatenga mabaiti 4.

Areyi imaika zinthu zonse mogundizana, popanda mpata. Tiyerekeze kuti tili ndi manambala 1,000,000 ndipo yoyamba yakhala pa adiresi 1000. Yachiwiri ikhala pa 1004, yachitatu pa 1008, mpaka kumapeto. Popeza malo amawerengedwa kuyambira pa ziro, kupeza nambala iliyonse ndi samu yosavuta:

```
adiresi = 1000 + i * 4
```

Nambala ya pamalo 7 ili pa 1028. Ya pamalo 700,000 ili pa 2,801,000. Pulosesa imachulukitsa kamodzi, kuphatikiza kamodzi, n'kulunjika pomwepo, ndipo masamuwo ndi omwewo kaya chinthucho chili koyambirira kapena kumapeto.

Mndandanda wolumikizana suchita choncho. Chinthu chilichonse chimakhala m'kachigawo kakekake kotchedwa nodi, ndipo nodi ikhoza kukhala paliponse pomwe m'memori mwapezeka mpata. Chomwe chimazimanga pamodzi ndi poyinta: nodi iliyonse imasunga adiresi ya inzake yotsatira. Mu C imalembedwa motere:

```c
struct node {
    int value;
    struct node *next;
};
```

Kusiyana kwake kuli ngati kufunafuna nyumba. M'mdadada wa nyumba zokhala ndi manambala, mukauzidwa kuti nambala 40 mumangolunjika. Koma pamudzi pomwe khomo lililonse limangodziwa khomo lotsatira, muyenera kuodira pakhomo loyamba, akulozereni lachiwiri, apo akulozereni lachitatu, mpaka mukafike. Mu mndandanda, kuti mufike pa nodi ya 700,000 muyenera kudutsa zonse za patsogolo pake. Njira yachidule palibe.

Nanga anthu anauyambitsiranji? Allen Newell, Cliff Shaw ndi Herbert Simon anaugwiritsa ntchito cha m'ma 1955 ndi 1956 m'chilankhulo chawo cha IPL ku Amereka. Nthawi imeneyo memori inali yochepa ndi yodula, ndipo mapulogalamu awo sankadziwiratu kuti zinthu zichuluka bwanji. Mndandanda unawathandiza kutenga malo pang'onopang'ono, pomwe apezeka, mmalo mosungiratu chigawo chachikulu chondondozana. Ubwino wake wina ndi uwu: ngati mwaima kale pa nodi inayake, kulowetsa yatsopano patsogolo pake n'kungosintha mapoyinta awiri. Palibe chosuntha. Mu areyi, kuti mulowetse nambala pakati, zonse za kutsogolo kwake ziyenera kusendera malo amodzi.

Tsopano tiwerengere mtengo wake, kuyambira ndi memori. Manambala athu 1,000,000 mu areyi atenga mabaiti 4,000,000, pafupifupi mamegabaiti 4, basi. Mu mndandanda, pa makina a mabiti 64, poyinta yokha imatenga mabaiti 8. Kuphatikiza ndi 4 a nambalayo zikanakhala 12, koma poyinta imayenera kuyambira pa adiresi yogawika ndi 8, motero pakati pamatsala mabaiti 4 opanda ntchito. Nodi imodzi ikukwana 16, ndipo zonse pamodzi mamegabaiti 16. Sizithera pomwepo. Nodi iliyonse imapemphedwa payokha kudzera mu `malloc`, ndipo wogawa memoriyo amasunganso kaundula wake. Pa Linux ya mabiti 64 yogwiritsa ntchito glibc, kachigawo kochepetsetsa komwe `malloc` amapereka kamadya mabaiti 32. Zinthu za mamegabaiti 4 zafika pa 32, kuwirikiza kasanu n'katatu. Pa foni yotsika mtengo ya memori yochepa, kusiyana kotereku kumamveka.

Chilungamo chake, areyi nayonso imawononga malo. Areyi yeniyeni sikula, choncho zilankhulo zambiri zili ndi areyi yotambasuka: `std::vector` mu C++, `ArrayList` mu Java, komanso `list` ya Python, yomwe ambiri amaiyesa mndandanda wolumikizana chifukwa cha dzina pomwe mkati mwake ndi areyi ya mapoyinta. Ikadzaza, imapempha malo okulirapo, kukopera zonse kumeneko n'kusiya akale. `ArrayList` imakula ndi theka la msinkhu wake, pomwe `std::vector` ya GCC imawirikiza kawiri. Ikangowirikiza kumene, pafupifupi theka la malo limakhala lopanda kanthu. Komabe kwa manambala athu aja, ngakhale zitavuta chotani, afika mamegabaiti 8, kutali ndi 32. Mtolo wa mapoyinta umapepuka pokhapokha chinthu chosungidwacho chikakhala chachikulu: mabaiti 8 pa nodi ya mabaiti 500 si nkhani.

Nkhani yaikulu ili pa liwiro, ndipo apa mpomwe makina a lero asiyana ndi a 1956. Pulosesa yathamanga kwambiri kusiya memori m'mbuyo. Kukatenga chinthu ku memori yaikulu kumatenga pafupifupi mananosekondi 100, ndipo nanosekondi ndi gawo limodzi la magawo biliyoni a sekondi. Ikuoneka nthawi yochepa, koma m'nthawi imeneyo pulosesa ikanagwira ntchito mazanamazana. Pofuna kuchepetsa kudikiraku, opanga anaika kamemori kakang'ono kachangu mkati mwa pulosesa momwemo, kotchedwa kashe. Chinthu chikapezeka mu kashe yapafupi kwambiri chimafika pa nanosekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Chofunika kudziwa n'chakuti pulosesa sitenga baiti imodzi yokha. Ikapita ku memori imanyamula mzere wathunthu, womwe pa mapulosesa ambiri ndi mabaiti 64. Mu areyi yathu, mzere umodzi uli ndi manambala 16: ulendo umodzi, manambala 16. Kuwonjezera apo, pulosesa ikaona kuti mukuwerenga motsatana, imayamba kutengeratu mizere yakutsogolo musanaifune. Mu mndandanda womwe nodi zake zamwazikana, mzere wobwerawo umakhala ndi nodi imodzi yofunika, kwinako n'zinthu za eni ake. Choipitsitsa n'chakuti pulosesa singatengeretu nodi yotsatira, chifukwa adiresi yake ili m'nodi yomwe ikudikiridwayo. Imadikira, kuwerenga, n'kudikiranso.

Tiyese tsono ntchito yomwe mndandanda umatamandidwa nayo: kulowetsa nambala pakati penipeni pa 1,000,000 aja. Areyi ipeza malowo nthawi yomweyo, kenako isendeza manambala 500,000, omwe ndi mamegabaiti 2. Kukopera mabaiti ondondozana ndi ntchito yomwe kompyuta imaidziwa bwino zedi, ndipo pa makina a lero izi sizikwana n'komwe milisekondi imodzi. Mndandanda sukusendeza kanthu, koma uyenera kuyenda nodi 500,000 kuti ufike pakatipo. Ngati nodi iliyonse ikusowa mu kashe, ndiye 500,000 kuchulukitsa ndi mananosekondi 100, zomwe zikupereka mamilisekondi 50. Kusintha mapoyinta awiri kuja n'kwachangu ndithu, koma ulendo wokafika pamalopo ndiwo wadya nthawi yonse. Bjarne Stroustrup, yemwe anayambitsa C++, anaonetsa zimenezi pagulu mu 2012: pa ntchito yolowetsa manambala m'malo mwake motsatana ndi kuwachotsa, `std::vector` inaposa `std::list`, ndipo kusiyanako kunkakula zinthu zikamachuluka.

Pali msampha poyeza. Mndandanda womangidwa kumene, nodi zake kawirikawiri zimagwa moyandikana, ndiye umaoneka wachangu. Pulogalamu ikayenda maola ambiri, kulowetsa ndi kuchotsa, nodi zimabalalika ndipo liwiro limatsika. Amene anayeza tsiku loyamba lokha amadabwa nazo pambuyo pake.

Cholakwika chofala kwambiri chimaoneka chosalakwa. Taonani mzere uwu wa Java:

```java
for (int i = 0; i < list.size(); i++) total += list.get(i);
```

Ngati `list` ndi `ArrayList` ya zinthu 100,000, awa ndi masitepe 100,000 okha. Ikakhala `LinkedList`, `get(i)` iliyonse imayambanso ulendo kuchokera kumapeto komwe kuli pafupi, ndipo masitepe onse pamodzi amafika pafupifupi 2,500,000,000. Chizindikiro cha matendawa n'chodziwika: mukawirikiza kawiri zinthu zosungidwa, nthawi imawirikiza kanayi. Pa zinthu 500 zoyeserera palibe amaona vuto. Limatulukira pulogalamu ili kale m'manja mwa anthu. Mankhwala ake ndi kuyenda m'mndandandamo kamodzi kokha, polemba `for (int x : list) total += x;`, kapena kungosinthira ku `ArrayList`.

Sikuti mndandanda wolumikizana watha ntchito. Umawina pomwe pulogalamu yagwira kale nodi m'manja ndipo siyenera kuifunafuna. Mkati mwa Linux muli mindandanda yambiri yomangidwa ndi `list_head`, chifukwa zinthu zake zimalowa ndi kutuluka nthawi zonse, ndipo mbali zina za pulogalamu zimakhala zikuloza pa adiresi yake. Areyi ikasamuka pokula, mapoyinta onse oloza malo akale amasanduka abodza, pomwe nodi ya mndandanda imakhala pomwe inaikidwa mpaka ichotsedwe. Chitsanzo china ndi `LinkedHashMap` ya Java, yomwe imapeza nodi mwa njira ina yachangu, n'kugwiritsa ntchito mndandanda pongokumbukira ndondomeko, monga chinthu chomwe chakhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Komanso pa makina omwe sayenera kuima ngakhale pang'ono, kukopera areyi yonse mwadzidzidzi ikadzaza kukhoza kukhala vuto, pomwe mndandanda umakula ndi nodi imodziimodzi.

Kupatula pamenepa, yambani ndi areyi. Mukafuna kusinthira ku mndandanda, dzifunseni kaye ngati malo olowetsapo chinthu mukhala mutawagwira kale kapena muchita kuwafunafuna. Ngati n'kufunafuna, mndandanda sukupindulirani kanthu. Ngati mwawagwira kale, lembani njira zonse ziwiri, muziyese ndi zinthu zochuluka ngati zomwe pulogalamuyo idzakumane nazo ikadzayamba kugwira ntchito, ndipo mutenge yomwe wotchi yaivomereza.